Chifukwa chake mitsempha ya m'mapapo imafinyika pamene mpweya sukufika

Ophunzira anga, dzulo ku fiyeta m'modzi mwa inu anafunsa za bambo aja a chibayo: mbali yonse ya m'munsi ya papo lawo lakumanja yadzaza mafinya, nanga bwanji SpO2 yawo, muyezo wa okosijeni m'magazi, ikadali pa 91? Nthawi inatichepera. Werengani izi tisanakumane Lachinayi.

Yambani ndi zomwe mukudziwa kale. Nyama ya m'mwendo ikasowa okosijeni, mitsempha yake imatambasuka kuti magazi abwere ochuluka. M'mapapo zimachitika mosiyana: kumene okosijeni wachepa m'timatumba ta mpweya, timitsempha tobweretsa magazi kumeneko timafinyika. Chifukwa chake n'chakuti magazi amapita kumwendo kukasiya okosijeni, pamene kumapapo amapita kukamutenga. Amene munakulira ku sikimu ya mpunga mukudziwa kuti madzi a m'ngalande satsegulira munda wosabzala. Mlimi amatseka kukamwa kwa kangalandeko kuti madzi apite kumene kuli mbewu. Papo limachita chimodzimodzi. Magazi amene akanadutsa pa timatumba totsekeka n'kubwerera kumtima akadali akuda amakankhidwira ku timatumba timene tikupuma bwino. N'chifukwa chake bambo aja sanatsike kwambiri.

Akatswiri awiri a ku Sweden, Ulf von Euler ndi Göran Liljestrand, ndi amene anafotokoza zimenezi mu 1946 atayesa pa amphaka. Chimene chimandisangalatsa n'chakuti ubongo sulamula kanthu apa. Ngakhale papo lochotsedwa mwa munthu wina n'kuikidwa mwa mnzake limachitabe izi. Timinofu tozungulira timitsemphato ndi timene timamva tokha kuchepa kwa okosijeni. Timakomo totulutsira potaziyamu timatsekeka, kasiyamu amachuluka m'kati mwa selo, mnofu n'kukungika. Zimayamba m'masekondi ochepa, n'kufika pamphamvu pakatha mphindi pafupifupi 15, ndipo vuto likapitirira zimawonjezerekanso m'maola otsatira. Chimene chimayambitsa kwenikweni ndi okosijeni wa m'timatumba ta mpweya. Wa m'magazi obwera kuchokera kumtima amathandizira pang'ono chabe.

Tonsefe tinayamba nazo tili m'mimba. Mwana wosabadwa sapuma, mitsempha ya m'mapapo mwake imakhala yofinyika, ndipo magazi ambiri amalambalala mapapo. Akangokoka mpweya woyamba, mitsemphayo imamasuka, magazi n'kukhamukira m'mapapo. Khanda limene mitsempha yake yakana kumasuka limakhalabe lobiriwira ngakhale likupuma.

Dongosololi limathandiza pamene mbali imodzi yadwala ndipo ina ili bwino. Mapapo onse akasowa okosijeni, palibe kokankhira magazi. Mitsempha yonse imafinyika pamodzi, mtima wakumanja n'kumapopa molimbana ndi njira yothina. Kwa agogo amene mapapo awo anawonongeka ndi fodya kapena utsi wa nkhuni wa m'khitchini kwa zaka zambiri, mtima wakumanjawo umakula kenako umatopa, miyendo imatupa, mitsempha ya m'khosi imadzaza. Okwera mapiri mofulumira kupitirira mamita 2,500 amatha kukumana ndi vuto lina: mitsempha imafinyika mosafanana, imene yatsala yotseguka imalandira magazi mwamphamvu mpaka madzi amachucha kulowa m'timatumba ta mpweya. Nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje ili pa mamita 3,002, choncho musaganize kuti ndi nkhani ya ku Himalaya kokha. Mankhwala oyamba ndi kumutsitsa munthuyo ndi kumupatsa okosijeni.

Tsopano pamene manja anu akukhudzidwa. Mankhwala ogonetsa okokera m'mapapo, makamaka halotheni, amafooketsa kufinyikaku, ndipo mlingo ukakwera kufookako kumakulanso. Ketamini ndi polopofolo sachita zimenezo kwenikweni. Mankhwala otambasula mitsempha ngati nifedipini nawonso amatsegula timitsempha timene papo linatseka dala. Pa opaleshoni ya m'chifuwa, pamene tikupumitsa papo limodzi lokha, kufinyikaku kumachepetsa magazi opita ku papo laphwalo ndi pafupifupi theka, ndiye musakuwononge ndi halotheni wochuluka.

Samalaninso ndi agogo a mapapo owonongeka aja. Mukawatsegulira okosijeni wambiri, mitsempha ya kumalo osapuma bwino imamasuka, magazi amabwerera kumene mpweya suyenda, ndipo mpweya woipa wa CO2 umaunjikana m'thupi mpaka wodwala amayamba kusinza. Musawamane okosijeni ayi, koma muwapatse moyeza, SpO2 ikhale pakati pa 88 ndi 92.

Lachinayi aliyense abwere ndi yankho la funso ili: bambo a chibayo chakumanja aja tiwagoneke chammbali iti kuti SpO2 ikwere, ndipo chifukwa chiyani? Ganizirani kumene magazi amatsikira munthu akagona chammbali.