Ntchito ya Kuwerenga ndi Kumvetsa, Fomu 3: Mipata Yofuna Ndime Yonse

Nthawi: mphindi 30. Malikisi: 10, mpata uliwonse malikisi amodzi.

Malangizo

M'munsimu muli ndime zitatu zomwe ndachotsamo mawu ena. Pa mpata uliwonse sankhani yankho limodzi mwa atatu amene ali pansi pa ndimeyo. Mayankho onse atatu amakhala bwino m'chiganizo chomwe muli mpatawo, koma limodzi lokha ndi lomwe likugwirizana ndi ndime yonse. Kotero werengani ndime mpaka pomwe yathera musanalembe chilichonse. Ndaonetsetsanso kuti agwirizanitsi asakuuzeni yankho, choncho musataye nthawi kuwasuzumira. Mayankho ali kumapeto, koma muwaone nthawi ikatha.

Ndime yoyamba

Mu 1854 mliri wa kolera unabuka m'dera la Soho mumzinda wa London, ndipo unapha anthu oposa 600. Masiku amenewo madokotala ambiri ankakhulupirira kuti matendawa amafala kudzera mu (1) ______. Dokotala wina dzina lake John Snow (2) ______ maganizo amenewa. Anayenda khomo ndi khomo kufunsa za anthu omwalira, ndipo nyumba iliyonse yomwe munagwa maliro anaiikira chizindikiro pamapu. Zizindikirozo zinaunjikana mozungulira mjigo wa mumsewu wa Broad Street. Pafupi ndi mjigowo panali fakitale yofulula mowa, ndipo ogwira ntchito kumeneko (3) ______. Kunalinso mayi wina wamasiye amene ankakhala (4) ______ mjigowo, yemwe anamwalira ndi kolera masiku omwewo. Snow atafufuza anapeza kuti ofulula mowawo ankamwa za pantchito pawo osatunga pamjigo, ngakhale ankapuma fungo la m'misewu imeneyo tsiku lonse. Mayi uja fungolo silinkawafika n'komwe, koma ankawatumizira madzi a pamjigowo m'botolo chifukwa ankati ndi okoma. Pa 8 Seputembala chaka chomwecho akuluakulu a deralo anagulula chogwirira cha mjigo uja.

1. A. madzi oipa B. mpweya wonunkha C. zakudya zoola
2. A. ankateteza B. ankaphunzitsa C. ankakayikira
3. A. sanadwale B. anadwala koyambirira C. anamwalira ambiri
4. A. moyandikana ndi B. kutali ndi C. moyang'anizana ndi

Ndime yachiwiri

Anthu ambiri ukawafunsa chifukwa chomwe kumatenthera miyezi ina n'kuzizira miyezi ina, amati dziko lapansi limayandikira dzuwa kenaka n'kutalikira. Yankho limeneli ndi (5) ______. Mtunda wa pakati pa dziko ndi dzuwa umasinthadi: kumayambiriro kwa Januwale umakhala makilomita pafupifupi 147 miliyoni, ndipo kumayambiriro kwa Julayi umafika pafupifupi 152 miliyoni. Mu Januwale momwemo anthu a ku Canada amakhala ali m'nyengo (6) ______. Dziko lapansi ndi lopendekeka ndi madigiri pafupifupi 23.5, ndipo likamazungulira dzuwa theka lina limaweramira kudzuwa pomwe linalo limafulatira. Theka loweramiralo limalandira kuwala kolunjika komanso usana wake umatalika. Mu Januwale theka limeneli limakhala la kummwera, kumene kuli Australia ndi Argentina, pomwe Canada ili kumpoto. Ndiye chifukwa chake mayiko a mbali ziwirizi amakhala ndi nyengo (7) ______ m'mwezi umodzi, zomwe sizikanatheka chikanakhala kuti choyambitsa nyengo ndi (8) ______.

5. A. lolondola B. lolakwika C. latsopano
6. A. yozizira B. yotentha C. yofunda
7. A. zofanana B. zosasintha C. zosiyana
8. A. kupendekeka B. mtunda C. kutalika kwa usana

Ndime yachitatu

Pa mpikisano wothamanga mamita 400, mtsikana wina anafika pamzere womalizira anzake onse atakhala kale pansi kupuma. Anaima n'kugwira m'maondo, mumtima mwake mutadzaza (9) ______. Mayi ake anabwera akuthamanga. "Mwendo uja uli bwanji, mwanangu?" anamufunsa. "Sukupweteka, amayi. Mwaona? Sindinaime panjira." Chaka chapitacho mtsikanayu anathyoka mwendo pa ngozi, ndipo madokotala (10) ______ zoti adzathamanganso. Kuyambira tsiku lomwe anataya ndodo zoyendera, iye ankafuna chinthu chimodzi chokha, kumaliza mpikisano kuti madokotalawo aone kuti analosera molakwa.

9. A. manyazi B. mkwiyo C. chimwemwe
10. A. anakayikira B. anatsimikiza C. anamulonjeza

Mayankho ndi zifukwa zake

1. B. Mpata uwu ndi umene ndikuyembekezera kuti ugwetsa ambiri. Inu mukudziwa kale kuti kolera imafala ndi madzi oipa, ndiye dzanja limathamangira pa A. Koma chiganizocho chikunena zomwe madokotala a nthawi imeneyo ankakhulupirira, osati zomwe tikudziwa lero. Umboni uli kumapeto, pomwe mawu oti fungo abwera kawiri. Wolemba sakanavutika kutiuza amene ankapuma fungo ndi amene silinkawafika, pokhapokha ngati fungolo ndi lomwe linkaganiziridwa. Ndipo madokotala akanakhala kuti ankanena kale za madzi, Snow sakanakhala ndi chofufuza.

2. C. Zonse zomwe Snow anapeza zikuloza kumadzi.

3. A. Mawu oti "ngakhale" m'chiganizo cha ofulula mowa akuonetsa kuti chomwe chinayembekezeka kuwachitikira sichinachitike. Anali pafupi ndi mjigo koma sankamwa madzi ake.

4. B. Munthu wokhala pafupi ndi mjigo satumiziridwa madzi m'botolo, ndipo fungo la pamalopo likanamufika. Mipata 3 ndi 4 iyenera kuyendera limodzi: ena anali pafupi osamwa, n'kupulumuka, wina anali kutali akumwa, n'kumwalira. Amene wapeza umodzi n'kulakwa unzake awerengenso ndimeyi.

5. B. Chiganizo chotsatira mpatawu chimanyenga, chifukwa chikuvomera kuti mtunda umasintha. Wongowerenga ziganizo ziwirizo angasankhe A mosakayika. Koma ndime yonse yotsalayo ikufotokoza za kupendekeka, ndipo ikuthera pa mawu oti "sizikanatheka".

6. A. Apanso chiganizo chomwe mwawerenga musanafike pa mpatawu chikukankhirani ku B, poti Januwale ndi mwezi umene dziko lili pafupi kwambiri ndi dzuwa. Simufunika kudziwa kalikonse za Canada. Ndime yanena kuti mu Januwale theka loweramira kudzuwa ndi la kummwera, yanenanso kuti Canada ili kumpoto. Lumikizani ziwirizo.

7. C.

8. B. Mtunda umasintha chimodzimodzi kwa dziko lonse, choncho ukanakhala kuti ndiwo umabweretsa nyengo, mbali zonse zikanatenthera pamodzi. A ndi C akutsutsana ndi zomwe ndime yangofotokoza kumene.

9. C. Kumaliza pambuyo pa onse kumabweretsa manyazi kwa anthu ambiri, ndipo ndime ikanathera pa chiganizo chachiwiri ndikanavomera A. Koma mtsikanayu sankafuna kupambana. Ankafuna kumaliza, ndipo wamaliza. Mvetserani mmene akuyankhulira kwa mayi ake.

10. A. Sakanafuna kuonetsa madokotala kuti analosera molakwa akanakhala kuti anamulonjeza kuti adzathamanga.

Amene mwapeza malikisi osafika 6, bwerezani ndime yoyamba ndi yachiwiri. Pa mpata uliwonse dulani mzere kunsi kwa chiganizo chomwe chakupatsani yankho, ndipo mubweretse makope anu Lachinayi tidzakambirane m'magulu.