Uthenga wa Chisoni: Mayi Nachisale Atisiya

Ndi mtima wosweka, bungwe lathu likudziwitsa a Malawi onse okhala kuno ku Johannesburg kuti Mayi Nachisale, mlembi wa mu ofesi yathu ya ku Rosettenville, atisiya Lachiwiri usiku kuchipatala atadwala kwa nthawi yochepa.

Mayiwa anagwira nafe ntchito kuyambira 2016. Ambiri mukuwakumbukira: ndi iwo ankathamangira zikalata zotumizira maliro a abale athu kumudzi, ngakhale pakati pa usiku, osadandaula. Imfa yawo yatipweteka kwambiri.

Mzimu wawo uuse mumtendere.

Mapemphero achitika Loweruka nthawi ya 2 koloko masana ku ofesi. Thupi linyamuka Lamlungu kudzera ku Beitbridge, kupita kwawo ku Dedza. Chipepeso chikulandiridwa ndi msungichuma wathu. Banja lapempha kuti tisafalitse zithunzi za malemuwa.