Pempho la thandizo la K60,000,000 loyendetsera ligi ya mpira wa miyendo wa amayi mumzinda wa Blantyre

Kwa Mayi Mkulu wa Zamalonda,

Tikuthokoza kuti munatipatsa mpata wokuonani ku ofesi kwanu ku Makata mwezi wathawu. Munatiuza kuti zimene tinakamba pakamwa tizilembe, ndalama zioneke bwino, ndiponso tinene zimene kampani yanu ipindule. Izi ndizo talemba m'munsimu, m'malo mwa komiti ya matimu 12 a amayi ndi atsikana ochokera ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa, Mbayani, Chirimba, Machinjiri, Chilobwe, Manase, Kachere, Chigumula ndi Nancholi.

Chifukwa chimene tabwerera kwa inu

Mu 2023 timu ya dziko lino ya Scorchers inatenga chikho cha COSAFA ku South Africa itagonjetsa Zambia 2-1 mu ndime yomaliza, ndipo Temwa Chawinga ndiye anamwetsa zigoli zambiri pampikisanowo. Chaka chotsatira, akusewerera Kansas City Current, anasankhidwa kukhala wosewera wapamwamba mu ligi ya ku America. Mkulu wake, Tabitha, anatsogolapo pa zigoli ku Italy ali ku Inter Milan komanso ku France ali ku Paris Saint-Germain. Awiriwa kwawo ndi ku Rumphi, ndipo anayambira pa mabwalo afumbi onga athu omwewa. Chiyambire nthawi imeneyo, makolo amene kale ankakalipa mwana wamkazi akagwira mpira ayamba kubwera okha kudzafunsa masiku a masewero olimbitsa thupi.

Atsikana ofuna kusewera alipo ambiri kuposa amene tingawalandire. Chimene chikusowa ndi masewero a sabata ndi sabata. Thandizo limene layamba kuoneka mu mpira wa amayi likupita ku matimu a pamwamba, ndipo ife tikukondwera nazo, koma mtsikana wa zaka 16 wa ku Mbayani sangafike pamwambapo ngati chaka chonse wasewera magemu anayi okha.

Chaka chatha tinayesa tokha ndi matimu asanu ndi atatu, ndalama tikusonkha m'matumba mwathu. Chigawo choyamba chinatha bwino. Chachiwiri chinafera panjira, ndipo chinachipha ndi minibasi. Loweruka lina atsikana a ku Chilobwe anayenda wapansi mpaka ku Ndirande, n'kusewera mphindi 90 ndi njala, n'kubwereranso wapansi dzuwa litalowa. Amayi awo atatu anabwera kunyumba kwanga m'mawa mwake kudzandiuza kuti ana awo sadzapitanso. Ndinalibe chowayankha, chifukwa nanenso mwana wanga sindikanamulola. N'chifukwa chake mu bajetiyi mayendedwe atenga ndalama zambiri kuposa mphoto. Anzathu ena mu komiti amafuna mphoto ikhale yaikulu kuti imveke pa wailesi, koma titakambirana tinagwirizana kuti choyamba n'chakuti gemu iliyonse iseweredwe.

Mmene ligi idzayendere

Timu iliyonse idzalembetsa osewera 20, onse pamodzi 240, a zaka zoyambira 15 mpaka 23. Timu iliyonse idzakumana ndi inzake kawiri, kwawo ndi koyenda, zomwe zikupereka magemu 132 m'masabata 22. Tidzayamba mu Epulo mvula itasiya, n'kumaliza kumayambiriro kwa Okutobala isanayambenso, ndipo tidzapumira pakati nthawi ya mayeso a Fomu 4 kuti pasakhale mwana wosankha pakati pa mpira ndi mayeso. Magemu onse ndi a Loweruka masana, pa mabwalo asanu ndi limodzi a sukulu, matimu awiri pa bwalo lililonse. Akuluakulu a sukuluzo tinakambirana nawo kale ndipo avomera. Tsiku lotsekera tikufuna kudzapempha bwalo la Mpira ku Chiwembe, kuti atsikanawa adzapondeko bwalo lenileni pamaso pa makochi a matimu akuluakulu. Ligiyi tidzailembetsa kudzera ku nthambi ya mpira wa amayi ya FAM, ndipo oyimbira tidzatenga amene ali ndi ziphaso.

Pali chinthu china chimene sitikufuna kuchibisa. Makolo ambiri saopa kuti mwana athyoka mwendo, amaopa amuna amene amazungulira timu. Choncho timu iliyonse idzakhala ndi mayi wamkulu woyang'anira atsikana amene adzayenda nawo pa ulendo uliwonse. Wosewera wosakwana zaka 18 sadzalembetsedwa popanda kalata ya kholo, ndipo ngati ali pa msinkhu wa sukulu adzaonetsa kuti akupitadi ku sukulu. Kochi sadzaloledwa kukumana ndi wosewera payekha, ndipo wopezeka akufunsira mtsikana wa timu yake adzachotsedwa tsiku lomwelo, nkhani n'kupita kupolisi ngati mtsikanayo ndi mwana.

Bajeti

Mitengoyi tatenga m'masitolo a ku Limbe ndi mu tauni, ndipo makotesheni ake taphatikiza ku kalatayi.

Mayendedwe, minibasi ya timu yoyenda, magemu 120 pa K90,000: K10,800,000. Magemu 12 otsalawo ndi a matimu a bwalo limodzi, safuna galimoto.
Yunifolomu, jezi, kabudula ndi masokosi, osewera 240 pa K35,000: K8,400,000
Nsapato za mpira, mapeyala 240 pa K30,000: K7,200,000
Mphoto: K7,000,000
Oyimbira atatu pa gemu, magemu 132 pa K45,000: K5,940,000
Mipira 120 pa K40,000: K4,800,000
Mabula a masewero ndi mapadi a nthawi ya kumwezi, osewera 240 pa K20,000: K4,800,000
Mwambo wotsegulira, wotsekera ndi kulengeza: K4,000,000
Maphunziro a makochi 12 ndi amayi oyang'anira 12, aliyense K150,000: K3,600,000
Chithandizo choyamba ndi madzi akumwa, magemu 132 pa K25,000: K3,300,000
Zogwa mwadzidzidzi: K2,760,000
Mapepala, mafoni ndi wowerengera ndalama: K1,500,000
Maukonde a magolo, mabwalo 6 pa K150,000: K900,000

Zonse pamodzi ndi K65,000,000. Ife tidzapeza K5,000,000: timu iliyonse idzalipira K250,000 polembetsa, ndipo K2,000,000 talonjezedwa ndi amalonda ang'onoang'ono a m'madera mwathu. Kwa inu tikupempha K60,000,000, zomwe zikutanthauza K250,000 pa mtsikana aliyense kwa miyezi isanu ndi umodzi.

Pa mphoto, timu yoyamba idzalandira K3,000,000, yachiwiri K2,000,000, yachitatu K1,000,000, ndipo K1,000,000 yotsalayo idzagawidwa kwa womwetsa zigoli zambiri, goloboyi wabwino, wosewera wapamwamba ndi timu ya mwambo. Nsapato ndi za kaunjika wosankha bwino, chifukwa zatsopano zolimba sitingazikwanitse, ndipo zatsopano zotchipa sizitha mwezi pa mabwalo athu a miyala.

Mzere wa mabula ndi mapadi mwina ena kwanuko adzafuna kuuchotsa poona ngati si wa mpira. Tikupempha kuti usakhudzidwe. Ndakhala ndi atsikana zaka zambiri, ndipo ndikudziwa kuti mtsikana akanena kuti mutu ukupweteka tsiku la gemu, nthawi zambiri mutu uli bwinobwino, koma alibe chodzitetezera ndipo akuopa manyazi pakati pa bwalo anthu akuona. Ena amasiyiratu mpira thupi likayamba kusintha, chifukwa kuthamanga popanda chogwira pachifuwa kumapweteka, ndipo anyamata a m'mbali mwa bwalo sasowa chonena. Pa chifukwa chomwecho, tikupempha kuti makabudula onse akhale a mtundu wakuda kapena woderako, ngakhale mtundu wa kampani yanu uli wowala. Mtundu wanuwo ukhale pa jezi.

Ndalama za zogwa mwadzidzidzi taziika chifukwa mitengo ya mafuta ndi katundu ikumasintha pakati pa chaka, komanso wosewera akathyoka pamafunika galimoto yothamangira naye ku Kwinzi. Zikatsala tidzakubwezerani kapena kuzisungira chaka chotsatira, monga mmene inu mungafunire.

Kasungidwe ka ndalama

Tikudziwa kuti makampani ena anapsapo m'manja pothandiza masewero, ndiye sitikupempha kuti mutipatse ndalama zonse nthawi imodzi. Muzipereke katatu: K37,000,000 ligi isanayambe, K13,000,000 chigawo choyamba chikatha, ndi K10,000,000 kutatsala milungu itatu kuti titseke. Gawo lachiwiri ndi lachitatu muzipereke pokhapokha mutaona malisiti a gawo lapitalo. Ndalama zidzakhala mu akaunti ya ku banki ya osainira atatu, ndipo tingakondwe mmodzi mwa iwo atachokera kwanu. Ngati mukufuna kugula nokha yunifolomu, nsapato ndi mipira n'kutipatsa katundu, kwa ife n'chimodzimodzi. Oyimbira ndi eni minibasi tidzawalipira pa Airtel Money kapena Mpamba kuti pakhale umboni, ndipo komiti sidzalandira malipiro alionse.

Phindu la kampani yanu

Ligi idzatchedwa ndi dzina la sopo wanu, ndipo dzinalo lidzamveka paliponse pamene zotsatira zikulengezedwa. Lidzakhala pachifuwa pa majezi 240, pa malaya a oyimbira, pa chikho, ndi pa zikwangwani za mabwalo onse asanu ndi limodzi Loweruka lililonse kwa masabata 22. Palibe kampani ina ya sopo kapena mafuta odzola imene idzaloledwe kutsatsa malonda pa magemu athu.

Koma chachikulu ndi anthu amene amabwera kudzaonerera. Magemu athu amaseweredwa pakati pa nyumba za anthu, kulowa ndi ulele, ndipo m'mbali mwa bwalo mumadzaza amayi a osewera, azakhali, anzawo a ku tchalitchi ndi ku banki m'khonde, ndi amayi ogulitsa mandasi ndi mafiriziti. Amenewa ndi amene amasankha sopo wogula panyumba. Mudzakhala ndi ufulu woika tebulo la malonda pa bwalo lililonse, kugawa tizidutswa toyesera, ndi kulankhula nthawi yopumira. Ndipo jezi yoseweredwa pa dothi lofiira imachapidwa sabata iliyonse. Mukatipatsa sopo wochapira, matimu 12 adzakhala akuonetsa ntchito yake pa zingwe zoyanikira kuyambira ku Chirimba mpaka ku Bangwe.

Tidzatumiza zotsatira ndi zithunzi ku mawailesi ndi nyuzipepala Loweruka lililonse madzulo, ndipo tidzatsegula tsamba la Facebook la dzina la ligi. Zithunzi za osewera mudzatha kuzigwiritsa ntchito pa malonda anu, koma za ana osakwana zaka 18 pokhapokha makolo atavomera polemba. Mwezi uliwonse mudzalandira lipoti la magemu amene aseweredwa, chiwerengero cha oonerera monga tawerengera pa bwalo, ndi ndalama zimene zagwiritsidwa ntchito. Akuluakulu a kampani ndiwo adzapereke chikho. Ndipo wosewera wathu akadzaitanidwa ku timu yaikulu kapena ku Scorchers, mbiri yake idzanena kuti anatulukira mu ligi ya dzina lanu.

Pempho lino ndi la chaka chimodzi. Mukakhutira ndi ntchito yathu, mudzakhala oyamba kufunsidwa za zaka ziwiri zotsatira tisanapite kwa wina aliyense. Kuti osoka majezi ayambe ntchito nthawi yabwino komanso maphunziro a makochi achitike mu Malichi, tikupempha yankho lanu pofika kumapeto kwa Januwale. Musanagamule, tabwerani mudzaone nokha: atsikana a ku Ndirande ndi a ku Mbayani amasewera gemu yapaubale Loweruka loyamba la mwezi uliwonse, 2 koloko masana, ndipo ndidzabwera ku Makata kudzakutengani.

Ine wanu,
Mlembi wa komiti ya matimu 12