Yunifolomu Isakhale Yokakamiza: Mawu a Wolankhula Woyamba wa Mbali Yovomereza

Wapampando, oweruza olemekezeka, aphunzitsi athu, anzathu a mbali yotsutsa, ndi inu nonse ophunzira anzanga, ndaima pano kuvomereza mutu wakuti kuvala yunifolomu m'sukulu kusakhale kokakamiza. Mbali yathu sikunena kuti yunifolomu ithetsedwe. Amene akuifuna ndipo makolo ake angathe kumugulira, aivale. Chimene tikukana ndi lamulo limene limabweza mwana pachipata cha sukulu chifukwa cha nsalu imene wavala.

Taganizirani za mtsikana amene ali ndi yunifolomu imodzi yokha. Akaweruka madzulo amaichapa, n'kuiyanika m'nyumba chifukwa kunja kukugwa mvula, ndipo m'mamawa amaipeza idakali yonyowa m'khosi ndi m'chiuno. Asankhe yekha: kuivala yonyowayo n'kumanjenjemera m'kalasi mpaka masana, kuvala diresi lina loyera bwino n'kukabwezedwa, kapena kungokhala pakhomo. Ambiri amasankha kukhala, ndipo tsiku limenelo aphunzitsi a masamu sadikira. Mwana ameneyu sanachite mwano, sanachite ulesi, komabe walandira chilango chofanana ndi cha wophunzira wophwanya malamulo. Tisaiwalenso kuti pa msinkhu wathu uno thupi limakula mofulumira, kotero kuti buluku limene linkakwana m'Fomu 1 limakhala litafupika pofika m'Fomu 2, ndipo kholo limene lili ndi ana anayi pasukulu limagula kanayi.

Izi si zongoganizira, wapampando. M'chaka cha 1994, boma la Malawi litachotsa fizi m'sukulu za pulayimale, linachotsanso lamulo lokakamiza yunifolomu, ndipo chiwerengero cha ophunzira chinakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Fizi ndiyo inali chopinga chachikulu, sitikukana, koma amene anakonza ndondomekoyo anadziwa kuti kuchotsa fizi n'kusiya yunifolomu kukanasiyabe ana ambiri kunja. Kumadzulo kwa dziko la Kenya, akatswiri ofufuza anapereka yunifolomu yaulere kwa ana ena a sukulu za pulayimale ndipo anapeza kuti kujomba kwa anawo kunachepa, zomwe zikusonyeza kuti kusowa kwa chovalachi n'kumene kunkawasunga pakhomo. Ngakhale ku Mangalande, kumene yunifolomu inazika mizu kalekale, nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo m'chaka cha 2021 lofuna kuti sukulu ziziganizira mtengo wake, chifukwa mabanja ankalemedwa nawo.

Anzathu a mbali yotsutsa adzatiuza kuti yunifolomu imafananitsa wolemera ndi wosauka. Ndikanakonda zikanakhala choncho. Koma aliyense wa ife amene wakhalapo m'kalasi amadziwa kusiyanitsa malaya atsopano ositidwa bwino ndi malaya ofwifwa, a kolala yothetheka, amene anasiyidwa ndi mkulu wake. Nsapato zimaulula, chikwama chimaulula, ndipo yemwe alibe chakudya pa nthawi yopuma aliyense amamuona. Kufanana kwa yunifolomu kumathandiza okhawo amene akwanitsa kulowa m'kalasi. Amene wabwezedwa uja safanana ndi wina aliyense, chifukwa palibepo.

Adzanenanso za mwambo ndi kukhoza bwino. Sukulu zambiri za boma ku Finilandi ndi ku Jeremani zilibe yunifolomu, koma palibe anganene kuti ana akumeneko saphunzira. Chimene chimakhozetsa mayeso ndi mphunzitsi wodziwa ntchito yake, mabuku okwanira, ndi mwana amene amapezeka m'kalasi tsiku lililonse. Ponena za kuvala modzilemekeza, sukulu ingathe kuika malamulo omveka bwino, monga akuti zovala zikhale zaukhondo, zosaonetsa thupi ndiponso zopanda mawu onyoza, ndipo malamulo otero sakakamiza kholo kugula nsalu ya mtundu umodzi. Za kuzindikira alendo olowa pasukulu, kachiphaso kovala pakhosi kamagwira ntchito imeneyo pa mtengo wochepa kwambiri.

Pangano la ufulu wa ana limene bungwe la mgwirizano wa maiko onse linavomereza m'chaka cha 1989 limanena, m'ndime 28, kuti mwana ali ndi ufulu wa maphunziro, ndipo limalamula maiko kuchitapo kanthu kuti ana azipita kusukulu mosadukiza ndi kuti osiyira sukulu panjira achepe. Lamulo lobweza mwana chifukwa cha chovala likutsutsana ndi udindo umenewu. Ndikupempha anzathu otsutsa kuti akaimirira ayankhe funso ili mosazemba: mtsikana wa yunifolomu yonyowa uja akafika pachipata atavala diresi lake loyera, alowe kapena abwerere? Zikomo, wapampando.