Dandaulo pa pampu ya sola yomwe munatiikira kudimba ku Domwe

Kwa Bambo Oyang'anira Nthambi ya ku Tete,

Ndikulemba m'malo mwa gulu lathu la alimi 14 a mbatatesi ku Domwe, m'boma la Angoniya, pofuna kudandaula za pampu yothiririra yomwe tinagula kwa inu pa 14 Epulo 2025. Tinalipira mametikali 185,000, zomwe zinaphatikiza pampu, mapanelo asanu ndi limodzi ndi ntchito yoika, monga lisiti nambala 0473 ikusonyezera, ndipo pepala la mgwirizano likunena kuti chilichonse chowonongeka m'miyezi 12 mudzakonza popanda ife kulipira.

Pampuyi inaikidwa pa 2 Meyi ndipo inaleka kukoka madzi pa 19 Juni, bokosi loyendetsera likungoyaka getsi lofiira ngakhale dzuwa litafika paliwombo. Tinaimba foni pa 20 ndi pa 24 Juni. Mmisiri wanu anabwera pa 8 Julaye, ndipo asananyamuke ku Tete anatiuza kuti titumize mametikali 6,500 a mafuta a galimoto. Tinatumiza chifukwa mbewu zinali pangozi, koma ndalama imeneyi m'mgwirizano mulibe, ndipo lisiti yake sitinapatsidwe. Iye anamasula bokosilo n'kupita nalo, akuti libwera pakatha masiku asanu. Lero ndi pa 11 Ogasiti, ndipo kudimba kwangotsala mawaya omata ndi tepi.

Bambo, nthawi yomwe pampu inaima ndi yomwe mbatatesi inali kuchita maluwa, pamene imafuna madzi kwambiri kuti ibereke. Kwa masabata asanu ndi awiri takhala tikubwereka pampu ya petulo kawiri pa sabata, pa mtengo wa mametikali 1,500 tsiku lililonse, ndipo zonse pamodzi zakwana 21,000. Masiku ena amayi ndi ana akutunga ndi makeni m'bandakucha, m'chisanu cha kuno chomwe inunso mukuchidziwa. Mizere yakumtunda, komwe makeni safika mokwanira, yafota, ndipo titakumba phando limodzi tinapeza timbatata tonga mazira a nkhunda, toti ogula a ku Ulongwe sangatiyang'ane n'komwe.

Choncho tikupempha kuti pofika pa 18 Ogasiti mukhale mutabweretsa bokosi logwira ntchito n'kuliika ndi ndalama zanu, mutibwezere 6,500 ya mafuta ija pamodzi ndi 21,000 yobwerekera pampu, komanso muwonjezere pa miyezi 12 ija masiku onse omwe pampu yakhala chiimire, omwe lero akwana 53. Ngati simungathe, mubwere mudzatenge katundu wanu n'kutibwezera 185,000 yonse.

Tsikuli likadutsa tisanalandire yankho lolemba, tidzapereka nkhaniyi ku INAE, bungwe la boma loyendera ntchito zamalonda, potsatira lamulo loteteza ogula, nambala 22/2009. Ndaphatikiza lisiti, mgwirizano, uthenga wotsimikiza 6,500 ija ndi zithunzi zinayi za kudimba.

Ine wanu,
Mlembi wa gulu la alimi a mbatatesi, Domwe