Malangizo a nankungwi kwa Tadala, mawa lake ukwati

Khala pamphasa apa mwana wanga, utambalale, uweramitse mutu. Amayi inu kumbuyoko, nthungululu zibwere pambuyo, mwanayu amve kaye.

Tadala, mwamuna wako akuchoka kwawo ku Luchenza kudzakhala pano pa mayi ako, monga mwa chikamwini chathu. Ndiye kuti iwe uli pakwanu, iye ndi wobwera. Mawu akuti “pano mpakwathu” asadzatuluke m'kamwa mwako, ngakhale utakwiya chotani. Mwamuna akawamva kamodzi amasiya kumanga, amasiya kubzala nthochi, ndalama amayamba kutumiza kwa alongo ake, poti akudziwa kuti tsiku lina adzanyamula bulangete lake n'kumapita. Sabata yoyamba yomweyi amalume ako akamuonetse munda wanu, malire onse aponde ndi mapazi ake, mayi ako alipo. Mafuwa akhale ako, chimanga chako chisungidwe pachokha. Kudya m'phika umodzi ndi mayi ako kumakoma mwezi umodzi, kenako amayamba kuwerengerana nthuli.

Azichimwene ako asalowe m'chipinda mwanu kukatenga njinga kapena wailesi ya mlamu wawo. Apemphe kwa mwini wake. Ndipo apongozi ako akabwera, alandire mogwada, uwapatse madzi osamba ofunda, udye nawo limodzi. Ukagula shuga wa mayi ako, gulanso wa mayi ake, ndipo akapereke ndi iye.

Tsopano ndalama, pamene mabanja ambiri amaphunthwa. Mwamuna wako amalandira ku esiteti ya tiyi. Tsiku lolandira lisanafike, khalani pansi awiri ndi kope. Lembani chigayo, sopo, mchere, mafuta ophikira, nkhuni, chopereka cha ku tchalitchi, kenako yosungira feteleza. Ya fetelezayo ichoke tsiku lomwelo, ipite ku banki m'khonde kapena ikhale pa Mpamba kaya Airtel Money. Ikagona m'nyumba imathera pa zitumbuwa ndi mayunitsi. Ngongole ya ku banki m'khonde usatenge iye asakudziwa, poti tsiku limene anzako adzabwere kudzanyamula mbuzi, adzamasula ya banja lonse. Katapila ndiye usamuyandikire n'komwe. Nawenso usangoyembekeza malipiro: nthochi, nanazi, nandolo, zonsezi pa Chitakale ndi ku Limbuli zimayenda.

Chimanga usachiyese ndi maso. Ukatsegula thumba la makilogalamu 50, lemba tsiku, likatha lembanso. Ukatero kawiri udziwa kuti chaka chonse mufunika matumba angati, ndipo zotsalazo ndiye zogulitsa. Ambiri amagulitsa mu Meyi chimanga chili chotchipa, n'kudzachigulanso mu Januwale chitakwera. Chiume mpaka chizilira ukachiluma, uthire mankhwala a anankafumbwe monga alembera pabotolo, matumba uwasanje pamatabwa, asakhudze pansi kapena khoma. Kuno chiperoni chikagwa masiku atatu, chinyezi chimalowa m'matumba ndi m'zofunda momwe. Dzuwa likangotuluka, zofunda panja. Kalongonda usamuphike mothamanga, awire nthawi yaitali, uzitaya madzi. Wosapsa amazunguza mutu, ungadwalitse mkamwini wathu.

Magazi munayezetsa limodzi, mwachita bwino, koma musalekere pomwepo. Za ana mukambirane msanga: liti, angati. Kuchipatala kuli mapiritsi a tsiku ndi tsiku, jakisoni wa miyezi itatu, ndi kapamkono ka zaka zingapo. Izi zimaletsa mimba chabe, matenda ayi. Choteteza zonse ziwiri ndi kondomu. Ukaima, yamba sikelo miyezi itatu isanathe, ndipo tsiku loyamba apite nawe.

Mukayambana, nkhani ithere m'chipinda, chitseko chotseka, mwamuna atadya. Usamumane nsima, usathawire kwa mayi ako pakhomo lachiwiri apa. Iwe mawa udzakhululuka, mayi ako sadzaiwala. Zikakanika, itanani ankhoswe onse awiri, wa kuchikazi ndi wa kuchimuna, poti mmodzi yekha amakondera. Pa Facebook ndi pachitsime palibe nkhoswe.

Koma imva ichi, mayi ako amvenso. Anthu amati banja ndi kupirira. Timapirira umphawi, matenda ndi njala. Chibakera sitipirira. Akadzakumenya, tsiku lomwelo ankhoswe amve, ndipo ngati wavulala pita kuchipatala ndi kupolisi, kuli ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza. Lamulo loletsa nkhanza za m'banja lilipo kuyambira 2006. Limagwiranso mkazi womenya mwamuna, ndiye nawe dzanja lako ulisunge.

Za kuchipinda, mikanda ndi kansalu kaja, sitinena pano pali atsikana osakwatiwa. Tikadya, iwe ndi azakhali ako munditsate m'nyumba, utenge beseni laling'ono lija ndi lezala yatsopano.