Kalata yofotokoza zotsatira za kuyeza magazi kwa sikoselo

Chipata, 14 Meyi 2025

Kwa Bambo Yosefe Zulu ndi Mayi Tiyanjane Phiri,

Ndakulemberani kalatayi monga ndinalonjezera dzulo, chifukwa ndinaona kuti pamene timakambirana zotsatira za magazi anu mitima inali m'mwamba, ndipo munthu amene ali ndi mantha amamva mawu oyamba okha, otsalawo n'kupita ndi mphepo. Muwerenge modekha muli awiri, ndipo ngati mungafune kuti ankhoswe anu amve nkhaniyi, ndi bwino kuwawerengera kalata yomweyi kusiyana n'kuti aimve kwa anthu a m'njira.

Magazi amene tinakutengani pa 28 Epulo aonetsa kuti nonse awiri simukudwala matenda a sikoselo. Pa pepala la aliyense wa inu palembedwa zilembo ziwiri, AS, ndipo tanthauzo lake n'lakuti munabadwa ndi mbewu imodzi ya magazi abwinobwino, imene ndi A, pamodzi ndi mbewu imodzi ya sikoselo, imene ndi S. Munthu wodwala amakhala ndi mbewu za sikoselo ziwiri, ndipo pa pepala lake pamalembedwa SS. Inu ndinu onyamula mbewu chabe. Mbewu imodziyo siikula, siichulukana, ndipo siidzasanduka matenda ngakhale mutakalamba, popeza zimene munthu analandira kwa makolo ake tsiku limene mimba yake inaima sizisintha moyo wake wonse.

Mayi Phiri, munandionetsa kapepala ka chaka chatha kamene kanati magazi anu apezeka ndi sikoselo, ndipo munati kuyambira tsiku limenelo mutu ukangowawa mumaganiza kuti matenda ayamba. Kapepala kaja sikananame, koma sikananene zonse. Kuyeza kofulumira kumene anakuchitani kumangosonyeza kuti m'magazi muli S, osasiyanitsa munthu wa mbewu imodzi ndi wa mbewu ziwiri. Kuyeza kwa ulendo uno, kotchedwa elekitiroforesisi, kumalekanitsa mitundu ya hemoglobini, chinthu chofiira chija chimene chimanyamula mpweya m'magazi, n'kuwerenga kuchuluka kwa mtundu uliwonse. Mwa inu hemoglobini A yapezeka magawo 58 pa 100 ndipo S magawo 39, pamene mwa a Zulu A ndi magawo 60 ndipo S magawo 37. Umu ndi mmene magazi a wonyamula mbewu amaonekera: A amaposa S. Ndinakufunsani ngati wina wa inu anaikidwapo magazi m'miyezi itatu yapitayi chifukwa magazi a munthu wina angasokoneze chiwerengerochi, ndipo popeza nonse munati ayi, zotsatirazi n'zodalirika.

Mwa munthu wa SS, timaselo tofiira ta m'magazi, timene timayenera kukhala tozungulira ndi tofewa, timapindika ngati zenga n'kuuma mpweya ukachepa m'thupi. Tikatero timatsekereza timitsempha tating'ono, ndipo ululu woopsa wa m'mafupa uja umachokera pamenepo. Timafanso msanga, patangopita masiku 10 mpaka 20, pamene selo labwino limakhala masiku pafupifupi 120, n'chifukwa chake wodwalayo amakhala wochepa magazi nthawi zonse ndipo maso ake amachita chikasu. Mwa inu hemoglobini A ndi yokwanira kuteteza maselo kuti asapindike pa umoyo wa tsiku ndi tsiku, choncho simufunikira mankhwala alionse kapena zakudya zapadera.

Mbewu imeneyi n'njofala kuno kwathu, ndipo pali chifukwa chake. M'chaka cha 1954 dokotala wina dzina lake Anthony Allison, amene anafufuza nkhaniyi kum'mawa kwa Afirika, anaonetsa kuti onyamula mbewu imodzi amatetezeka ku malungo kuposa anzawo. Ana otere ankapulumuka malungo aakulu, n'kukula, n'kubereka, ndipo mbewuyo inkapitirira m'mibadwo m'madera ambiri a udzudzu. Komabe musatayire neti kumbali chifukwa cha mawu amenewa, pakuti wa AS amadwala ndithu malungo. Chimene chimachepa ndi kuopsa kwake basi.

Pali zochepa zoti musamale pa matupi anu. A Zulu, munati mumapalasa njinga yodzaza matumba a nsawa kuchokera kumidzi kudzagulitsa ku Kapata, ndiponso kuti Loweruka mumamenya mpira. Pitirizani zonsezi, koma m'nyengo yotentha ya Okutobala muzinyamula madzi okwanira, muzipuma pamthunzi, ndipo mukamva kuti minofu ikukokana kapena mphamvu zatheratu mwadzidzidzi, muime pomwepo, chifukwa kutha madzi m'thupi pamodzi ndi ntchito yopyola muyeso kungapinde maselo ngakhale mwa wonyamula mbewu, ngakhale kuti zimenezi sizichitika kawirikawiri. Wina wa inu akadzaona magazi mu mkodzo abwere kuchipatala, asangoganiza kuti ndi likodzo. Mayi Phiri, mukadzaima mudzanene za AS pa ulendo woyamba wa ku kiliniki ya amayi apakati, kuti azidzakuyezani mkodzo, popeza matenda a m'chikhodzodzo amavutirapo pang'ono amayi onyamula mbewuyi.

Tsopano ndifike pa nkhani imene inakubweretsani, ya ana amene mukufuna kudzabereka. Mukumbukira kuti ndinaika makapu awiri patebulo, lina la bambo lina la mayi, ndipo m'kapu iliyonse ndinaponyamo njere imodzi ya chimanga ndi nyemba imodzi yofiira. Chimanga chinali A, nyemba inali S. Ndinakupemphani kuti mutsinzine, aliyense atole kamodzi m'kapu yake, chifukwa mwana amalandira mbewu imodzi yokha kwa kholo lililonse, ndipo kholo silisankha yoti lipereke. Zotuluka zake zingakhale zinayi zokha. Chimanga ndi chimanga ndi mwana wa AA, wopanda mbewu ya sikoselo. Chimanga cha bambo ndi nyemba ya mayi, kapena nyemba ya bambo ndi chimanga cha mayi, ndi mwana wa AS, wathanzi ngati inu nomwe. Nyemba ziwiri ndi mwana wa SS, amene adzakhala ndi matendawa. Choncho pa mimba iliyonse mpata woti mwana abadwe ndi matenda ndi umodzi pa inayi, kapena kuti 25 pa 100, ndipo mpata woti abadwe wopanda matenda ndi itatu pa inayi.

Mawu akuti “pa mimba iliyonse” ndiwo amene anthu ambiri amawaphonya, ndipo a Zulu munafunsa bwino pamene munati, kodi tikalekezera pa ana atatu ndiye kuti tazemba? Ayi. Mukumbukire kuti titatola koyamba tinabwezera njere zija m'makapu tisanatolenso. Mimba yachiwiri siidziwa zimene zinachitika pa yoyamba. Banja lina la AS ndi AS limabereka ana asanu popanda wodwala ndi mmodzi yemwe, pamene lina mwana woyamba ndi wachiwiri onse amabadwa ndi SS. Kuti mwanayo ndi wamwamuna kapena wamkazi sikusinthanso kanthu, ndipo palibe chakudya, mankhwala a chipatala kapena a zitsamba, zimene zingasankhe njere yotuluka m'kapu.

Ndinene mosabisa chinthu chimene chimandipweteka pa ntchito yanga. Mwana akamadwaladwala, achibale amathamangira kunena kuti matendawa abwera ndi mkazi, kapena kuti kuchimuna kuli wina amene walodza, ndipo maukwati amatha pa mlandu umene ulibe wolakwa. Mwana wa SS sangabadwe popanda mbewu yochokera mbali zonse ziwiri. Aliyense wa inu anailandira kwa bambo ake kapena mayi ake, amenenso sanadziwe kuti ali nayo. Mayi Phiri munatchula mlongo wanu amene anamwalira ali ndi zaka zinayi, amene ankatupa manja ndi mapazi ndipo anaikidwa magazi kawiri. Zizindikiro zimenezo zikufanana ndi za sikoselo, ndipo n'chifukwa chokwanira choti abale anu a bere limodzi, ndi a kwa a Zulu omwe, adzayezetse asanalowe m'banja.

Ngati mwana wanu atadzabadwa ndi SS, chofunika kwambiri n'kudziwa msanga. Khanda lotere limaoneka labwinobwino pobadwa, chifukwa limakhala likadali ndi hemoglobini ya m'mimba imene imaliteteza, ndipo zizindikiro zimayamba pamene hemoglobiniyo ikutha, nthawi zambiri mwana akamafika miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi. Musadzadikire zizindikirozo. Mwana aliyense amene mudzabereke adzayezedwe m'masabata oyamba, mudzapemphe nokha ngakhale wina asakufunseni. Wopezeka ndi SS amayamba kumwa penisilini tsiku ndi tsiku asanapitirire miyezi itatu mpaka atakwanitsa zaka 5, amalandira katemera yense pa nthawi yake, makamaka wa chibayo, amamwa foliki asidi, amatetezedwa ku malungo, ndipo thupi likangotentha amapita naye kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale usiku. Palinso mankhwala otchedwa haidirokisiyuriya amene amachepetsa ululu ndiponso kuikidwa magazi pafupipafupi. Ana osamalidwa motere amapita kusukulu, amakula, ena amakhala ndi mabanja awo. Sindikunamizani kuti ndi katundu wopepuka: pamakhala masiku ogona m'chipatala, ndalama za mayendedwe, ntchito ya kumunda yoima, ndi kuona mwana wako akulira ndi ululu umene sungamuchotsere.

Munandifunsa pomaliza ngati chinkhoswe cha mu Ogasiti chipitirire. Funso limenelo si la namwino kuyankha, ndipo ndikanakhala wolakwa ndikanakuuzani kuti musiyane kapena kuti musadandaule. Ena akamva zotsatira ngati zanu amapitiriza ukwati atakonzeka kuyezetsa mwana aliyense, ena amagwirizana zobereka ana ochepa kuti adzathe kusamala bwino amene angadwale, ena amalera ana a abale, ndipo ena amasankha kulekana mwamtendere. Chimene ndikupempha n'chakuti aliyense wa inu anene zakukhosi kwake momasuka, wina asavomere chifukwa cha manyazi kapena chifukwa chakuti zokonzekera zapita kale patali. Ngati mukufuna nthawi yoganiza musanatenge mimba yoyamba, njira zakulera zilipo pano pa kiliniki ndipo tingakambirane yokuyenerani.

Zotsatirazi ndi chinsinsi chanu, ndipo ife sitidzauza munthu aliyense popanda chilolezo chanu. Mapepala aja muwasunge pouma pamodzi ndi makadi anu a chipatala. Ndakulemberani tsiku lobweranso Lachinayi pa 29 Meyi, nthawi ya 9 koloko m'mawa, ndipo ngati mungakonde kubwera ndi ankhoswe kapena amayi anu, ndidzaikanso makapu aja patebulo kuti nawonso atole okha. Mafunso amene angakubwerereni kunyumba muwalembe kuseri kwa kalatayi, mudzabwere nayo.

Ine wanu pa ntchito ya zaumoyo,

Mayi Esinati Tembo
Namwino ndi mlangizi